Galu wa Kwa a Mageti

Dzina lawo lenileni linkadziwika kubanki kokha. Ena onse ankangoti a Mageti, poti ntchito yawo inali yowotcherera mageti ndi zitsulo za m'mawindo mu shedi ya malata imene anamanga kuseri kwa nyumba yawo. Anali bambo wamfupi, wamapewa otambalala, wosamva bwino khutu lakumanzere chifukwa cha phokoso la makina odulira zitsulo. Agalu ankawadziwa, koma osati mwachibale. Nyumba zambiri zimene ankakaikako geti zinali ndi galu, ndipo akatumba awo anali ndi zipsera zochitira umboni. Pakhomo pawo panalibe galu. Ankati munthu wodziwa kuika loko safuna mlonda wodya.

Zinthu zinasintha akazi awo atadwala sitiroko. Mayiwo anagwira ntchito mu famase zaka zambiri, ali chiimire tsiku lonse, koma kuchipatala anatuluka akukoka mwendo wakumanzere, dzanja lili lende. Wa mafizo anati aziyenda tsiku lililonse. Iwo ankangokhala pakhonde, ndodo ili pamiyendo, n'kumayang'ana geti.

Mwana wawo, mphunzitsi wokhala mbali ina ya tauni ndi mwamuna wake ndi anyamata awiri, ndiye anabwera ndi nzeru.

"Adadi, amama akusowa chowadzutsa pampando. Apezereni galu. Kuli malo osungirako agalu osowa mwini, mnzanga anakatenga wake kumeneko."

"Galu wotsala kwa anthu ena?" anatero a Mageti. "Ameneyo ali ngati geti lakale lopaka penti, dzimbiri umalionera kunyumba. M'mera mpoyamba. Ndigula kamwana tikalere tokha."

Kagaluko anakagula kwa munthu wina amene ankaima ndi katoni pafupi ndi sitolo ya zitsulo. Wogulitsayo anati n'kamtundu wosakula, katemera kanabayidwa kale, khadi lokha ndi limene waiwala kunyumba. A Mageti anakaika m'chipewa chowotcherera n'kupita nako. Anakatcha Bawuti.

Dokotala wa ziweto anakatembenuza, nakayang'ana m'kamwa, nagwira kamimba kotupa.

"Aka sikanakwane n'komwe milungu isanu ndi umodzi. Kanayenera kukhala ndi make mpaka isanu ndi itatu. M'mimbamu muli njoka, ndipo katemera tiyambira pachiyambi, poti mawu si khadi. Kazibwera kudzabayidwa mpaka kakwane miyezi inayi. Kasanamalize, musakatulutse kumsewu. Kuli matenda otsegula m'mimba magazi, amapha tiagalu m'masiku ochepa."

"Ndiye kuyenda ndi amayi?"

"Kuyenda kudikire. Panopa kazidya kanayi patsiku. Kakadzuka, panja. Kakadya, panja. Masana kunyumba kumakhala ndani?"



Kunyumba kunkakhala mayi amene sankatha kuwerama. Bambo ankachoka mu shedi n'chigoba kumaso kudzakolopa matailosi, n'kubwerera, n'kudzakolopanso. Bawuti anatafuna magolovesi, chingwe cha wailesi ndi labala ya kunsi kwa ndodo. Mano ake anali ngati singano. Mayi ankamwa mankhwala oletsa magazi kuundana, choncho kakangowakanda posewera, bala linkachedwa kuuma. Komabe ankaseka kakamalimbana ndi mopu, ndipo bambo ankamva kusekako akazimitsa makina.

Tsiku lina m'mawa, mayi akuchokera kubafa, Bawuti anathamangira pakati pa ndodo ndi phazi. Mayi anagwa cham'mbali mu kolido. Anaitana, koma makina anali kulira. Anagona pansi pomwepo, kagalu kakuwanyambita khutu, kufikira chitsulo chitaduka. Fupa silinathyoke, koma ntchafu inada mpaka m'bondo.

Loweruka mwana wawo anabwera ndi katoni. Sanakumbutse zimene ananena kale. Bawuti anakakulira kwa adzukulu, komwe kunali miyendo yothamanga ndi misana yowerama. Anakula, n'kukulabe, mpaka kufika m'chiuno mwa mkamwini. A Mageti anakafunafuna wogulitsa uja pasitolo paja, koma sanamuonenso.

Patapita miyezi ingapo, mayi ndiwo anayambitsa nkhani.

"Bambo, kagalu kaja kanalibe mlandu. Mwana ndi mwana basi. Koma nyumbayi yazizira. Tiyeni tikaone kumene ankanena mwana kuja."

Anapita Lamlungu, bambo atavala malaya oyera. Malowo anali kumapeto kwa tauni: mizere ya makola a simenti, fungo la mankhwala okolopera, ndi kuuwa kogonthetsa m'khutu. Woyang'anira anali mayi wamtali wovala magambutsi. Anawafunsa mafunso ngati ankhoswe: mpanda ndi wotalika bwanji, galu azigona pati, akadwala adzamunyamula ndani. Kenako anadutsa makola onse a agalu odumphadumpha n'kutulutsa wamkazi wofiirira, wa imvi kukamwa.

"Uyu, poona mano, ali ndi zaka ngati zisanu ndi ziwiri. Anamusiya m'nyumba ya lendi eni ake atasamuka. Katemera ndi wokwana, wa chiwewe yemwe, ndipo tinamutseka, sadzaswa. Sadziipitsira m'nyumba, sakoka chingwe. Msinkhu ndi womwewu, sawonjezeranso. Izi ndiye tikudziwa. Zimene anaona kumene anachokera, akudziwa yekha."

Woyang'anira anapatsa mayi chingwe. Mayi anaponya ndodo, nakoka mwendo, galu anasuntha pang'ono n'kuima. Anaponyanso, galu anasunthanso. Anafika kumpanda n'kubwerera, palibe anakoka mnzake.

Woyang'anira anadzaona pakhomo mkati mwa mlungu, nayamikira geti, ndipo galu anabwera. Anawalangiza kuti masiku oyamba asamukakamize kanthu, asamuitanire alendo, angomuikira chakudya ndi madzi. Galuyo anakhala kunsi kwa tebulo, osadya, maso okha akuyendayenda. Mayi anamutcha Mlendo.

Galuyo atayamba kudya ndi kutuluka pakhonde, a Mageti anadutsa pabwalo atavala ovolosi, paipi yachitsulo ili paphewa. Sanamuyang'ane n'komwe. Mlendo anadzikodzera pomwepo, mchira uli pamimba, kenako anathamangira kugeti, nadzipanikiza pampata wa kunsi n'kusowa. Mpatawo anausiya okha a Mageti kuti madzi a mvula azidutsa.

Anamufuna tsiku lonse. Anamupeza dzuwa litapendeka, kuseri kwa golosale, pakati pa makatoni, nthiti zitasupuka. Ataona bambo anakwinya mlomo n'kuonetsa mano. Panafunika kukatenga mayi pa galimoto ya oyandikana nawo kuti adzamuitane.

M'mawa mwake a Mageti anaimbira woyang'anira.

"Mayi, mwatipatsa katundu wowonongeka."

"Mukhoza kumubweza, sitikana," anayankha woyang'anira. "Kuno sitinamuonepo ndi mwamuna wonyamula chitsulo, choncho sitikanadziwa. Mwina wina ankamumenya ndi chotere, mwina sanazolowere chabe. Mukamusunga, musamukalipire, musamuyang'ane m'maso, musamutsatire. Mukamadutsa muzingoponya kanyama pansi n'kupitirira. Mantha amachepa. Kuti adzatheratu, sindingalonjeze."

A Mageti atadula foni anapeza akazi awo akuwayang'ana.

"Inenso ndine katundu wowonongeka, bambo. Mundibweza kuti?"

A Mageti anatuluka. Tsiku limenelo anawotcherera waya kunsi kwa geti. Kenako anamanga mpanda wa malata wolekanitsa shedi ndi bwalo, n'kuboola khomo lina kumbuyo loti zitsulo zizilowera. Ovolosi ankavulira ku shedi. M'thumba la malaya munkakhala tizidutswa ta nyama youma, ndipo makasitomala ena ankanunkhiza n'kuyang'anana.

Pakutha pa chaka Mlendo ankatola nyama pafupi ndi nsapato yawo. Ya m'manja sanalandirepo. Bambo akalowa pabalaza, iye ankadzuka mwaulemu n'kusamukira mbali ina ya mpando wa mayi. Kuuwa akuba nakonso sinali ntchito yake. Munthu akagogoda pageti, ankayang'ana mayi ngati akufunsa kuti kodi sakatsegula.

Koma m'mawa uliwonse ankaima pansi pa msomali pamene pankakolekedwa chingwe. Mayi ankang'ung'udza, n'kudzuka. Anayamba ndi kufika pakona, kenako pagolosale, kenako kubwalo la mpira la sukulu. Mwendo sunachire, koma unalimba. Anthu a mumsewu anazolowera kuwaona awiriwo akutsetsereka pang'onopang'ono, ndipo oyendetsa galimoto ankawadikira osaimba hutala. Pobwera mayi ankabwera ndi nkhani: wakuti wakwatitsa mwana, wakuti geti lake lapendama. Maoda ena a mageti anabwera choncho.

Ukalamba wa Mlendo sunachedwe. M'chaka chachitatu dokotala anamuzula mano awiri owola. Miyendo yakumbuyo inayamba kuuma, ndipo mapiritsi ankabisidwa m'chakudya, pambali pa kabotolo ka mapiritsi a mayi. Masitepe a pakhonde atamukanika, a Mageti anawotcherera chokwerera chotsetsereka n'kuyalapo labala. Mlendo anachinunkhiza masiku angapo asanachiponde. Mayi ndiwo anayamba kuchigwiritsa ntchito.

Kenako Mlendo anayamba kumwa madzi ambiri, kuwonda, n'kukana chakudya. Dokotala anayeza magazi nati ndi impso. Anamusinthira zakudya, ndipo anakhalako miyezi ina. Atalephera kudzuka yekha, dokotalayo anawauza poyera kuti kumusunga tsopano n'kumuzunza, ndipo anavomera kudzamubayira jekeseni yomugoneka pakhomo pomwepo.

Anabwera masana. Mlendo anagona pabulangete pakhonde, mutu uli paphazi la mayi. Mwana wawo anali pomwepo.

"Adadi, bwerani pafupi."

"Ayi, ndili bwino konkuno. Angachite mantha."

Anaima pakhomo la shedi, manja kumbuyo, mpaka dokotala atatseka chikwama. Dzenje anakumba okha pafupi ndi mpanda.

Mlungu wotsatira mayi sanatsike pakhonde. Mwana wawo anafunsa ngati angabwererenso kumakola kuja, koma mayi anati zaka zinayi n'zochepa, mtima sunakonzeke kuika wina m'manda. Lolemba a Mageti anazimitsa makina nthawi ya kum'mawa, anavula ovolosi, nadzaima pakhonde.

"Tiyeni, mayi."

Amayendabe mpaka lero. Bambo amatsogola, n'kukumbukira, n'kuima. Geti lililonse limene adutsa amaligwedeza n'kunena amene analipanga ndi pamene analakwitsa. Tsiku lina wa pagolosale anafunsa mayi kuti woperekeza watsopanoyu akumuona bwanji.

"Amakoka," anatero mayi. "Komanso amalankhula."