Imelo Yochokera Pasiwa

Kwathu kuno munthu akaferedwa sitimufunsa za malonda kapena za mbuzi imene anabwereka. Timakhala naye pansi, timapepesa, zina zonse zimadikira mpaka atameta. Ndinakulira m'mwambo umenewu ndipo ndimaulemekeza. Koma chaka china mbava inasonyeza kuti nayonso imaudziwa, ndipo mpaka lero ndikakumbuka mtima umandipweteka.

Nthawi imeneyo ndinali mlembi wa gulu lathu la alimi a mbatatesi cha ku Mayani. Sanandisankhire ulemu ayi, poti pakamwa panga anthu amapadziwa. Anandisankha chifukwa ndinali ndi foni yotsegula imelo. Chaka chilichonse mvula isanagwe tinkasonkha ndalama n'kugula feteleza pamodzi kwa bambo ena a sitolo ku Lilongwe, amene kwawo ndi ku Mphunzi. Ankatitumizira invoisi, kalata yosonyeza ndalama zoti tilipire, pa imelo, ine ndi a tcheya n'kukasaina kubanki, lole n'kubwera. Anali munthu wachilungamo, sanatiberepo ngakhale thumba limodzi.

Chaka chimenecho mayi akunyumba kwawo anamwalira mwadzidzidzi, ife titalandira kale invoisi koma tisanalipire. Uthenga wa maliro unayenda pa mafoni dera lonse. Atangoikidwa m'manda, ndinalandira imelo ina yochokera ku adiresi ya bambowo. Inkati chifukwa cha zovuta zimene zawagwera, akaunti ya sitolo yayamba yatsekedwa, choncho tilipire ku akaunti ina. Inkati tichite changu, tikachedwa feteleza wathu apatsa ena. Kumapeto kunali mawu akuti: chonde musandiimbire foni, ndili pasiwa.

Ndinawerengera a tcheya, omwe analinso mkulu wa mphakati wathu ku tchalitchi, munthu wofatsa kwambiri. Anavula chipewa ngati maliro ali pomwepo.

"Mayi mlembi, tiyeni tikalipire mawa. Munthuyu ali m'chisoni, tisamuonjezere katundu."

Ine ndinangoti ndamva, koma mtima sunakhazikike. Ndalama zimenezo zinali za anthu amene anagulitsa nkhumba ndi nyemba, ena a iwo amasiye. Zikanatayika, bwenzi minda ya chaka chimenecho itapita pamodzi nazo. Ndinaika invoisi yakale ndi yatsopano pafupi. Chidindo chimodzimodzi, matumba omwewo, mtengo womwewo. Chosintha chinali pansi pokha: banki ina, nambala ina, ndipo dzina la akaunti silinali la sitolo koma la munthu amene sindinamumvepo. Nditadina poyankhira, adiresi imene inatulukira inali yachilendo, yosiyana ndi imene imeloyo inkaoneka kuti yachokera. Komanso ndinadzifunsa kuti sitolo ili m'dzina la kampani, nanga akaunti yake itsekedwe bwanji chifukwa cha imfa ya mayi?

Ndinauza a tcheya kuti sindisaina tisanamve mawu a eni ake.

"Ndiye mukufuna muimbire namfedwa kumufunsa ngati akunama?" anatero. "Anthu adzati gulu la Mayani lilibe mwambo."

"A tcheya, safunsa anadya phula. Bola atinene kuti ndife amwano, kusiyana n'kuti tidzapalire mbewu zachikasu."

Ndinayankhula mokweza kuposa mmene zimayenera kukhalira, ndipo anakhumudwa. Komabe mawu awo anandibaya. Bwanji ngati imeloyo inali yoona? Ndikanawayang'ana bwanji bambo aja?

Ndinaganiza zolemba yankho loti akaliwerenga namfedwa lisamupweteke, akaliwerenga wakuba lisamupatse kanthu. Zinali zotheka kuti mbavayo yalowa m'bokosi lenileni la imelo ya sitolo ndipo ikuwerenga zonse. Choncho sindinayankhe pa imelo ija, ndinayamba ina yatsopano, n'kulemba ndekha adiresi yakale. Sindinatchule kuchuluka kwa ndalama, tsiku lolipira, kapena nambala ya akaunti yathu. Sindinanenenso kuti ndikukayikira munthu. Ndinalemba motere:

"Bambo, pepani kwambiri ndi zovuta zimene zakugwerani. Talandira uthenga wonena za kusintha kwa akaunti. Gulu lathu silisintha akaunti yolipirira pongoona imelo. Timayamba tatsimikiza pamaso kapena pa nambala ya foni imene tili nayo kale. Malipiro adikira mpaka titatero. Ambuye akutonthozeni."

A tcheya atamva anagwedeza mutu, n'kunena kuti pamenepo palibe chipongwe.

Yankho linabwera msanga, msanga kwambiri kwa munthu amene ali pasiwa. Linkati foni yakale yatayika pamaliro, ndipo linapereka nambala ina yoti tiimbe. Sindinaiimbe. Wopereka akaunti yabodza akhoza kuperekanso mawu oitsimikizira. Ndinayesa nambala yakale, inali yozimitsa. Mitambo nayo inali itayamba kusonkhana pamwamba pa mapiri, ndipo mamembala ankandiyang'ana ngati ine ndi amene ndikugwira mvula.

Anali a tcheya omwewo amene anapeza njira. Anati popeza pa tsiku loika sitinapezeke, tiyenera kukapepesa maliro, ndipo pamenepo tikaona ngati pali mpata. Tinanyamula ufa ndi nkhuku, n'kukwera njinga zamoto kupita ku Mphunzi.

Tinawapeza atakhala pamphasa kuseri kwa nyumba, atavala jekete lalikulu chifukwa cha mphepo, nkhope itagwa. Tinapepesa, tinapemphera. Kenako a tcheya anatsitsa mawu:

"Bambo, mutikhululukire, tikudziwa kuti si nthawi yake. Koma pali uthenga umene wabwera m'dzina lanu."

Ndinawapatsa foni. Anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Atafika pa mawu akuti ndili pasiwa, anandibwezera foniyo.

"Ine chimwalirireni mayi anuwa sindinalembe kanthu kwa munthu aliyense," anatero. "Foni ndinazimitsa ndekha. Ana anga omwe ndikulephera kuyankhula nawo. Ndiye wina wakhala pansi n'kulemba imfa ya mkazi wanga kuti adyerepo?"

Ine wapakamwa uja ndinangolira.

Bambowo atapukuta m'maso anafunsa ngati talipira. Tinati ayi. Anatiuza kuti akaunti ya sitolo ndi yomwe ija, siinasinthe. Ndinawapempha kuti auze wa kusitolo asinthe mawu achinsinsi olowera mu imelo tsiku lomwelo, ndiponso adziwitse banki imene inali ndi akaunti yabodzayo ndi apolisi. Anavomera. Kenako anakweza mutu ngati akumbukira chinthu choopsa.

"Nanga magulu ena aja?"

Anayatsa foni imene anailumbirira kuti sayatsa mpaka atameta. Pamphasa pomwepo, achibale akuyang'ana, anayamba kuimbira makasitomala awo mmodzimmodzi. Aliyense ankayamba ndi kupepesa, iwo n'kumudula mwaulemu kuti asalipire ku akaunti yatsopano. Ife tinadzalipira ku akaunti yakale, feteleza n'kufika mvula yoyamba itagwa kale, ndipo mbatatesi inachita bwino ndithu. Koma chimene chinanditsalira m'mutu ndi foni imodzi ya tsiku limenelo.

Anaimbira msungichuma wa gulu lina la ku Lobi, mayi wachikulire. Foni inali yokweza mawu, tonse tinkamva. Bambowo anawafotokozera zonse. Kenako mayiwo anayankha ndi mawu ang'onoang'ono:

"Bambo, ife tinatumiza kale zonse. Tinaona kuti n'zachilendo, koma sitinafune kukuvutitsani pamaliro."

Bambo aja anawauza kuti athamangire kubanki kwawo nthawi yomweyo, mwina ndalamazo n'kuimitsidwa. Atatero anaika foni pamphasa, n'kuphimba nkhope ndi manja onse awiri. A tcheya anavulanso chipewa.