Mwala wa pa Chithunzi

Ndiyamba ndi kuthokoza Mulungu amene wandisunga mu Dar es Salaam muno.

Zaka zimene boma linamasula malonda a miyala yamtengo wapatali, mkulu wa mpingo wathu ku Ilala anandisonyeza chithunzi cha mwala wofiira uli pachikhatho. "Mlongo, uyu ndi rubi," anatero. "Tandiperekezani kwa alamu anu a sitolo ya miyala, akaugule. Mwalawo ubwera pambuyo."

Ndinamuperekeza. Alamu anayang'ana chithunzicho nachibweza. "Pa pepala, rubi, ganeti ndi galasi zonse zimafiira mofanana, ndiponso kuwala kumasintha mtundu. Ndiyenera kuugwira, ndiuyese kulemera, ndiuone mkati ndi kagalasi kokulitsira zinthu."

Ndinakwiya, ndipo ndinalumbira kuti mkulu wa mpingoyo sanama. Chifukwa cha ine, alamu anapereka theka la mtengo.

Mwala utabwera, alamu anandiitana kuti ndisuzumire. Mkati munali timathovu tozungulira ta mpweya. Linali galasi. Mkuluyo anasowa, ndipo alamu sanamverenso mawu anga.

Sindinalire ndalamazo ayi. Ndinalira kuti munthu amene tinkanyema naye mkate pa Mgonero anagulitsa dzina langa.

Ambuye akutetezeni, abale anga, kwa onyenga opemphera nanu.