Mapilitsi amene ndinawapatsa bambo

Ndinali m'chaka chachitatu cha maphunziro a udokotala pamene bambo anadwala. Kwathu kunali ku Zingwangwa, kumtunda kwa msika, ndipo anthu a mumzere wathu anali atayamba kale kunditchula kuti adokotala. Bambo ankagwira ntchito yonyamula mabelo pafakitale ina. Anali ndi BP, ndipo kukiliniki ya kuntchito ankawapatsa kaputopulili. Msana nawo unkawavuta. Ndine ndinawabweretsera indosidi wochepetsa ululuwo, n'kuwauza kuti mankhwala onse awiri asamadumphitse ngakhale tsiku limodzi.

M'nyengo ya mvula anthu ambiri kwathuko anatsegula m'mimba, bambo nawonso. Ine ndinali ku hositelo. Bambo anatha masiku atatu akutsegula ndi kusanza, madzi akumwa pang'ono, koma mapilitsi aja sanaphonye. Loweruka nditafika ndinawapeza agona pamkeka, maso atalowa, lilime louma. Amayi anandikokera kuseri kwa nyumba.

"Chichokereni dzulo m'mawa bambo ako sanataye madzi," anatero.

Tinawatengera kuchipatala chachikulu pa minibasi, atatsamira phewa langa. Anawaika diripi ndi kapaipi ka mkodzo. Pofika madzulo m'thumba munali timadontho todera, tosadzaza n'kapu yomwe.

Dokotala wamkulu wa wodi imene anawagonekamo anali mayi wina amene ankatiphunzitsa. Lolemba ataona zotsatira za magazi, anafunsa mankhwala amene bambo ankamwa. Amayi anamasula mpango n'kuonetsa. Dokotalayo anandiitanira pakhonde.

"Tandiuzani, impso imatani kuti izisefabe magazi mofanana, BP ikakwera kapena ikatsika?"

Ndinayankha ngati ndili m'kalasi, chifukwa mayeso ake ndinali nditakhoza bwino. Ndinati mu impso muli timasefa tambirimbiri, kalikonse kali ndi kamtsempha kolowetsa magazi ndi kena kotulutsa. Magazi akabwera mwamphamvu, kolowetsako kamadzifinya kokha, akafooka, kamamasuka. Kumunsi kwa kanjira kamene madzi osefedwa amadutsa kuli timaselo tomva kuchuluka kwa mchere. Mchere ukachuluka timadziwa kuti sefa yathamanga, ndiye timachititsa kolowetsa kaja kufinyika. Ukachepa, kolowetsa kamatseguka, impso n'kutulutsa michere yotchedwa renini, imene mapeto ake amafinyitsa kotulutsa kaja kuti mphamvu ya magazi isathe m'sefamo.

"Nanga munthu wouma m'thupi akamwa indosidi?"

"Kolowetsa kamalephera kutseguka."

"Kaputopulili?"

"Kotulutsa kamalephera kufinyika."

 Dokotalayo anati BP ya bambo inali itatsika kufika pamene ngakhale impso yabwinobwino imavutikira, ndipo njira ziwiri zimene ikanadzithandizira zinali zitatsekedwa ndi mankhwala aja. Impso zinakhala nthawi yaitali zopanda magazi okwanira, tinjira take tawonongeka.

"Indosidiyu anawalembera ndani?"

"Ndine."

 Sanandikalipire. Anangoti mankhwala onse awiri anali ataimitsidwa kale, makina otsuka magazi panalibe, tingodikira kuti mwina impso zidzuka zokha, poti nthawi zina zimatero.

Tinadikira. M'mawa uliwonse ndisanapite m'kalasi ndinkagwada pambali pa bedi kuyang'ana thumba lija. Diripi anaichepetsa chifukwa madzi analibe kotulukira. Miyendo inatupa, kenaka nkhope. Bambo anayamba ntchirichiri yosatha, ndipo mpweya wawo unkanunkha mkodzo. Amayi ankawapukuta milomo ndi kansalu konyowa. Anzawo a kufakitale anabwera Lamlungu atavala majekete, anaima kumiyendo kwa bedi, anapemphera, n'kumapita.

Tsiku lina masana atatsitsimuka pang'ono, bambo anandigwira dzanja.

"Mwanawe, uwauze adokotala kuti ine mankhwala sindinadumphitse. Asaganize kuti ndine wosamva."

Ndinati ndiwauza.

Anamwalira tsiku lachisanu ndi chinayi, nthawi ya chakudya chamasana, mtima utaima chifukwa cha mchere wa potaziyamu umene unachuluka m'magazi. Pamaliro anthu ankati ndi kolera, ena ankanong'ona kuti anzawo a kuntchito ndiwo anawalodza. Ine ndinangokhala pakati pa azimayi.

Amayi ndinawauza patatha miyezi iwiri, tikuchapa pampopi. Ndinafotokoza zonse, za timitsempha tija ndi za mapilitsi. Anamvetsera osasiya kufikisa malaya.

"Ukanadziwa ukanawapatsa?"

"Ndinkadziwa, amayi. Zinali m'kope mwanga. Sindinaganize kuti zikukhudza bambo."

Anatsukuluza malayawo, anawafinya, n'kundipatsa kuti ndikayanike. Nkhaniyi sitinaikambenso mpaka pamene iwonso anamwalira. Lolemba lotsatira tsiku lochapa lija ndinabwerera kusukulu, ndipo anandiika m'wodi yomwe ija.