Apongozi Anga pa Silaidi ya Madzi Oipa

Ife amene tinakula nthawi ya chipani chimodzi tinkadziwa kuti wailesi imatchula munthu wamba pa zifukwa ziwiri zokha: wamwalira kapena wagwidwa. Kwathu, kuseri kwa Chalimbana, bambo wina ankaphimba wailesi yake ndi thumba akafuna kudandaula za mtengo wa ufa. Ankati chinthu cholankhula chonchi sichingalephere kumva. Thumbalo ndinaliona ndi maso angawa, linali la fetereza.

Zipani zitachuluka, ku Chongwe kunatsegulidwa kawailesi ka m'dera, koma mantha aja sanapite ndi chipani. Mayi woyang'anira mapulogalamu anandiitana, poti ndinali mphunzitsi wolemba Chinyanja chomveka.

"Ba ticha, nifuna pulogalamu ya manzi akumwa. Ana atsegula m'mimba maningi. Yendani kukiliniki, bazamipasani masilaidi."

Masilaidi anali tizithunzi ta filimu m'timafelemu ta pepala lolimba, toonetsa pakhoma ndi makina. Wa zaumoyo anawatulutsa m'kabati, otsala a nthawi ya chipani ija. Makinawo anali atafa kalekale, moti mkati mwake munali mutabadwira mibadwo ya mphemvu yodziwa ukhondo kuposa ife. Tinkangokweza silaidi iliyonse pawindo, diso limodzi chotsinzina.

Zabwino zinali zomveka: madzi akakhala a matope sefani pa nsalu yoyera, awiritseni mpaka abwate, azizire ali chivundikirire, muwasunge m'chotengera cha pakamwa pang'ono. Wa zaumoyo anawonjezera za klorini, zimene masilaidi akalewo analibe: muyezo wolembedwa pa botolo, kenako kudikira theka la ola musanamwe.

Kenako inabwera silaidi ya zoipa. Chitsime pansi pa mkuyu wa nthambi imodzi, chimbudzi chakumtunda kwake, ndi mayi akuviika kapu ndi zala zomwe mumtsuko wosavundikira. Pakona panali mtanda wofiira.

Mayiyo anali apongozi anga, akadali mtsikana.

Ine ndine mkamwini wa mwambo. Tikakumana panjira ndimapatukira m'tchire, ndipo minga ya dera lonselo imandidziwa. Pali manda a bambo anga, tsiku limenelo ndi limene ndinayamba kuona nkhope yawo bwinobwino, ndipo inali ndi mtanda pambali.

Choipa n'chakuti chithunzichi chinali ulemu wawo wonse. Pamaliro, pachinkhoswe, ankakumbutsa anthu kuti a boma anabwera ndi tcheyamani wa chipani, nadumpha nyumba zonse, n'kujambula yawo. "Chithunzi changa chili ku boma," ankatero, ndipo mkangano unkathera pomwepo.

"Womvera saona," anatero wa zaumoyo. "Mufotokoze zonse monga zilili. Mkuyu, chimbudzi, mayi."

Mkuyu wa nthambi imodzi kwathu ulipo umodzi. Ngakhale mbuzi zikanadziwa mwini wake. Ndinamuyang'ana mkuluyo: kodi sakuwadziwa mayiwa, kapena alipo amene wamutuma? Iyenso ankandiyang'ana, akudabwa chimene ndalowetsera silaidi m'thumba la malaya.

Ndisanafike kunyumba, mbiri inali itafika kale kuti aphunzitsi akulemba maina a anthu auve kuti akawawerenge pa wailesi. Ndikadutsa, amayi ankalowetsa mitsuko m'nyumba. Wina anabisa wake mwaluso kotero kuti mpaka lero sanaupeze, ndipo akukhulupirira kuti uli ku wailesi.

Apongozi okha ndi amene sanaope. Anabwera madzulo, nakhala pamphasa chondifulatira, n'kumalankhula kudzera mwa mkazi wanga monga mwa mwambo, ngakhale mawu awo ankamveka mpaka kumsewu wa tala.

"Uwauze aphunzitsi kuti namva ali ni chithunzi changa. Abisiranji? Ni nsanje?"

"Bambo, amayi akuti mubisiranji."

"Uwauze amayi kuti chinafwifwa, sichioneka bwino."

"Uwauze kuti maso ni anga."

Ndinapereka. Anaikweza kudzuwa lolowa, naiyang'anitsitsa.

"Mtanda uyu si wa kutchalitchi," anatero. "Ni uja aphunzitsi amalemba mwana akalakwa samu."

Kenako analoza mtsuko wa pachithunzipo.

"Mtsuko uyu si wanga. Anabwera nawo pa galimoto. Chivundikiro anachotsa ni tcheyamani, ati nkhope ya madzi ioneke. Uwauze."

Mwina zinali zoona. Anthu a nthawi ija ankatha kukuimika pamene afuna, iwe n'kuthokoza. Koma mtsukowo unali wobenthuka pakamwa, ndipo wobenthuka chimodzimodzi unali kuseri kwa khitchini yawo, nkhuku zikumweramo. Amene adya kwa apongozi sakhala mboni.

Kenako anafunsa, ulendo uno motsitsa, osadzeranso mwa mwana wawo: "Muzanichula?"

M'mawa ndinabwerera kwa mayi wa mapulogalamu ndi zimene ndinalemba, zopanda mkuyu. Ndinali nditadzaza dzenjelo ndi mawu aatali a m'kalasi. Anandiwerengetsa mokweza, n'kundidula ndisanafike pakati.

"Ba ticha, apa anthu bagona kalekale. Mawu afupi, mfundo imozi, muibweze kawiri. Nanga chithunzi cha zoipa chili kuti?"

"Chinali ndi vuto la m'banja."

Anandiyang'ana mokayikira. Ndikuganiza kuti ankayesa ndabisa chibwenzi.

"Pa wailesi chithunzi ni chongo," anatero. "Nipaseni chongo."

Chongo ndi phokoso. Tinatenga ndowa ndi kapu ya chitsulo kulowa nazo m'kachipinda kojambulira mawu. Ndinalemba motere: kapu igwe pansi, ngwee! Galu anunkhize. Mwana aitole, aiviike mumtsuko, chubwi! Kenako mawu afunse, "Madzi munawiritsa aja, akadali abwino?" Akhale chete pang'ono, womvera adziyankhe yekha, ndiye abwere malangizo: thirani, musaviike, ngati ndi mtsuko, vundikirani ndipo tungani ndi chikho cha mpini wautali chopachika pamwamba. Za chimbudzi ndinangoti chikumbidwe kutali ndi chitsime, chakumunsi kwake. Galu ndinali ine. Wa zaumoyo anamvetsera ndi nkhope ya wapolisi, nafunsa za mkuyu, koma anavomera kuti mfundo zonse zilimo. Silaidi ndinamuuza kuti ikusungidwa ndi akuluakulu, zomwe zinali zoona, poti apongozi sanaibweze.

Tsiku loulutsa, mudzi unasonkhana pa wailesi ya kugolosale ngati pa mlandu. Aliyense anadikira dzina la mnzake. Dzina silinabwere, ndipo zimenezi zinawakayikitsa koposa. Mawa lake amayi atatu anandipeza kusukulu, aliyense payekha, kudzafunsa amene anandiuza za kapu yake. Wina anati kulira kwa kapuyo akukudziwa, ndi yake yeniyeni, ndipo galuyo ndi wa mlamu wake. Ndikanama mphezi inding'ambe. Sabata imeneyo zivundikiro zinasowa m'mudzi, mbale zodyera zonse zili pamitsuko.

Apongozi anamvetsera pulogalamu yonse ali patsogolo, mutu uli m'mwamba, ndipo palibe anawacheukira. Madzulo mkazi wanga anabwera ndi uthenga.

"Amayi akuti mwalemba bwino. Koma akuti mayi wa kapu uja amudziwa, ni wa kutsidya kwa dambo, ndipo mukamutchule sabata ya mawa."