Nyumba imodzi, mabanja awiri, masiku awiri

Ku koleji ndinachoka chaka chachiwiri. Ine ndi masamu tinasiyana mwamtendere, popanda ankhoswe. Komabe ntchito ndinaipeza ku Capital Hill, m'kachipinda ka makompyuta, nthawi imene maofesi otsalira ankasamuka kuchoka ku Zomba. Tinkasamalira pulogalamu yogawira antchito a boma nyumba.

Lolemba lililonse m'mawa tinkaimirira mphindi khumi ndi zisanu kuzungulira buku lalikulu. Makalaliki akapeza kuti pulogalamu yalakwitsa, ankalemba fomu. Ife tinkawerenga fomu iliyonse, n'kuona ngati vutolo likuonekadi, kukula kwake, woti alikonze, ndi tsiku loti akhale atamaliza. Tsiku likadutsa, wotsogolera msonkhano ankalemba mtanda wofiira pa dzina lako.

Wotsogolera anali bambo wina wa madigiri awiri, amene ankanditchula kuti "a theka", poti koleji ndinaisiyira pakati. Zovuta zonse ankapatsa ine, tsiku n'kusankha okha osandifunsa. Pofika mwezi wachisanu ndinali ndi mitanda iwiri. Bwana wathu, mayi a ku Rumphi, mkulu wa mpingo amene sankaseka pa ntchito, anandiuza mosabisa kuti mtanda wachitatu ukabwera, kalata yondikhazikitsa pa ntchito sadzasaina.

"Lolemba mudzatsogolere ndinu," anatero. "Ndione ngati m'mutumo muli kanthu."

Mafomu atsopano anali anayi. Atatu anali a masewera: dzina lodukira pakati, pulinta yodumpha mzere, batani losamvera. Ndinawagawa, aliyense ndikumufunsa tsiku. Yachinayi ndinaisungira kumapeto ngati chiwindi.

Banja lina linafika pa lole kuchokera ku Zomba, ndi mipando, nkhuku ndi kalata ya nyumba ya ku Area 15. M'nyumbamo linapeza banja lina likukolopa, nalonso lili ndi kalata ya nyumba yomweyo. Dandaulo lotere linali litabwerapo kawiri, ndipo kawiri konse a madigiri analitseka ndi mawu akuti "sizikuoneka". Chigawo cha pulogalamu chogawa nyumbacho analemba ndi iwo.

"Makalalikiwa ndi atulo," anatero a madigiri. "Ndinayesa ndekha, palibe cholakwika. Ngati mukufuna, a theka, dzilembeni nokha mufufuze."

Ndinawathokoza mwaulemu. Sabata yonse ndinali nditadyera nkhomaliro pakati pa makalaliki, ndipo ndinaona chimene munthu woyesa yekha sangaone. Malole akachuluka, makalaliki awiri ankagawa nyumba nthawi imodzi, aliyense pa kompyuta yake. Pulogalamu inkaonetsa nyumba kuti ilibe munthu mpaka kalata itasindikizidwa. Pakatipo, wina ankaisankhanso.

Ndinakhazika bwana pa kompyuta imodzi, a madigiri pa ina. Ndinati onse asankhe nyumba yoyamba pa mndandanda. Pulinta inalira kawiri, n'kutulutsa makalata awiri okongola.

"Zikomo," ndinatero. "Mayi, bambo, kuyambira lero mukukhala nyumba imodzi. Mugwirizane za khitchini."

Wina anatsokomola. Bwana sanaseke, koma anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

Ndinalemba kuti vuto likuoneka. Kukula kwake: lalikulu, chifukwa Lachisanu kunkabwera malole ena. Pakali pano kalaliki mmodzi yekha ndiye azigawa. Mafomu awiri akale aja ndinawatsegulanso n'kuwaphatikiza ku yatsopano. Wokonza: mwini chigawo, monga mwa lamulo limene a madigiri anakhazikitsa okha.

Kenaka ndinachita chimene iwo sanandichitirepo. Ndinawafunsa.

"Achimwene, mungafune masiku angati? Ndikanakhala ine, ndikanapempha mpaka Lachinayi madzulo. Komatu ine ndine theka."

"Kanthu aka? Masiku awiri."

"Musadzipanikize. Munthu amatopa."

"Ndati awiri, amwene. Lembani."

Ndinalemba Lachitatu, ndi zilembo zoti ngakhale wodutsa pakhonde awerenge. Ndinawapempha asaine pambali. Msonkhano unatha kutatsala mphindi imodzi.

Ine ndinkadziwa kuti si kanthu kakang'ono. Kutsekera nyumba kalaliki akangoisankha n'kosavuta. Koma kalaliki akaisankha n'kusintha maganizo, kapena magetsi akathima, nyumbayo iyenera kumasukanso. Lachitatu masana a madigiri anali atatsekera theka la Area 15, nyumba zopanda anthu zimene palibe akanatha kugawa. Tayi anali atavula.

Anamaliza Lachinayi madzulo, ndipo ndinawathandiza kuyesa, popeza pamafunika anthu awiri. Lachisanu malole anafika, banja lililonse linalowa pakhomo pake. Kalata yanga bwana anasaina tsiku lomwelo.

Koma cholembera chofiira sabata imeneyo chinali ndi ine. Lachitatu lija, nthawi yoweruka itakwana, ndinachoka pampando, ndinamanga batani la jekete, ndinabwereka rula kwa a madigiri omwewo kuti mizere iwongoke. Mtanda wa pa dzina lawowo ndinaujambula kwa mphindi zitatu. Basi ya ogwira ntchito inandisiya, ndipo ndinayenda wapansi mtunda wonse mpaka ku Old Town, osamva kutopa.