Mabotolo 16 a Mayi Enid

Ku Nkope munthu akafuna mafuta ophikira sanena kuti akupita kugolosale, amati akupita kwa Mayi Enid. Mayiwa amagula mafuta pa dilamu la malita 200 kuboma ku Mangochi, n'kumadzawathira m'mabotolo ogulitsa kwa amayi okazinga usipa, ophika mandasi ndi anyamata a ziwaya. Ndi mayi wamtali, wamawu ochepa, ndipo dzanja lawo lamanja lili ndi zipsera za mafuta otentha, chifukwa nawonso anayambira pokazinga nsomba.

Anabadwira ku Malindi, pafupi ndi mishoni. Mayi awo anamwalira mng'ono wawo Tikhala akungoyamba kumene kuyenda, ndiye Enid anasiya sukulu n'kukhala mayi wa mwanayo. Anamubereka kumsana popita kumunda, anamumeta, anamulanga atakula. Enid atakwatiwa ndi msodzi wa ku Nkope anawoloka nyanja, ndipo mwamunayo atamwalira sanabwerere kwawo. Anagulitsa ukonde n'kugula dilamu loyamba.

Chimene ankanyadira pa moyo wawo wonse ndi muyeso. Ena amathira mafuta mokuba, botolo lisanafike pakhosi aleka, koma Mayi Enid ankayeza ndi jagi ya lita imodzi mpaka pamzere, n'kudikira dontho lomaliza lituluke mu fanelo. Dilamu lililonse linkatulutsa mabotolo 200, kapena kuperewera limodzi chifukwa cha otsalira pansi. Kutchalitchi akamalalikira za miyeso yachinyengo, iwo ankakhala mutu uli chilili, ndipo tinene zoona, ankayang'anako pang'ono amalonda anzawo.

Banja la Tikhala litatha, mkulu wake anamuitanitsa. Anamupatsa chipinda chogundana ndi sitolo, makiyi ndi ntchito yotsuka ndi kudzaza mabotolo. Tikhala anali woseka, wokonda kuimba, ndipo m'mawa ankakazinga mandasi akeake pakhonde kuti azipeza ya sopo. Mafuta a mandasiwo ankagula kwa mkulu wake yemweyo ngati kasitomala wina aliyense. Anthu ankati awiriwa ndi khethekhethe, ndipo sankanama.

Tsoka linabwera ndi sikelo. Tsiku lina kunafika wogula usipa wochokera ku Limbe, dzina lake Oscar, mmodzi wa anthu aja amene akagula chinthu chatsopano amafuna dziko lonse lichione. Anali ndi kasikelo ka mabatire kosonyeza manambala. Atayeza nsomba, anayamba kuyeza chilichonse chomwe wachiona, mpaka nsapato ya munthu. Kenako anatenga botolo lopanda kanthu pa benchi ya Mayi Enid, analiika pasikelo n'kubweza manambala pa ziro, n'kukhuthuliramo mafuta a botolo lodzaza.

“Magalamu 920!” anakuwa Oscar. “Amayi, lita imodzi ndi kilo imodzi, ngakhale mwana wa sukulu amadziwa. Magalamu 80 enawo mwabisa kuti?”

Amayi amene anali pamzere anaseka. Sanaseke mwankhanza, ena anaiwala nkhaniyo asanafike n'kunyumba komwe, koma Mayi Enid manyazi anawagwira mpaka m'mafupa. Sanakayike mawu a Oscar. Anakayika jagi yawo, ndipo anaganiza kuti zaka zonsezi akhala akubera anthu osadziwa.

Jagiyo anaitaya kudzala. Anagula sikelo yawoyawo, n'kulamula kuti kuyambira tsopano lita iliyonse izikwana kilo yathunthu. Tikhala atayesa anapeza kuti kilo ya mafuta sikulowa m'botolo la lita, ikusefukira.

“Achemwali, mwina sikeloyi ndi yomwe ili ndi vuto,” anatero.

“Sikelo sinama, iwe. Mabotolo a masiku anowa ndiwo akuba.”

Anasonkhanitsa mabotolo okulirapo, n'kumathira mpaka sikelo isonyeze magalamu 1000, mtengo uli womwe uja wa lita. Makasitomala anachuluka, nanga ndani amadana ndi basela? Dzina la Mayi Enid linakweranso, ndipo mtima wawo unakhala pansi.

Koma dilamu litatha anawerenga mabotolo n'kupeza 184. Anawerenganso, anatembenuza dilamu, anafufuza pansi ngati likudontha, koma simenti inali youma gwa. Ulendo umenewo anangozisiya. Dilamu lachiwiri litatulutsanso 184, maso awo anayamba kugwera pachiwaya cha mandasi chija. Anayamba kuona zinthu zimene kale sankaziona: kuti Tikhala wagula chitenje chatsopano, kuti mandasi ake amanona kuposa a anthu ena, kuti makiyi amagona nawo. Munthu akafuna mbala amaipeza ndithu, ndipo chala sichiloza mwini.

Anamufunsa Tikhala m'mawa, pakhonde, pali amayi awiri odikira mandasi. Apa ndiye popweteka penipeni, chifukwa nkhani ya pachibale ikanakambidwa m'nyumba.

“Tikhala, mabotolo 16 pa dilamu lililonse akupita kuti?”

“Nanga ine ndingadziwe bwanji, achemwali?”

“Makiyi ali ndi ndani? Ndinakulera ine, ndakutola ine banja litakukanika. Ukanapempha ndikanakumana?”

Tikhala sanalire ndipo sanalumbire. Anawayang'ana mkulu wake nthawi yaitali, mandasi akupserera m'chiwaya. Kenako anamasula makiyi pa nsonga ya chitenje, anawaika pabenchi, n'kulowa kukamanga katundu. Tsiku lomwelo anakwera galimoto kubwerera ku Malindi. Amayi awiri aja anagwira ntchito yawo mokhulupirika, moti pofika Lamulungu nkhani inali itamveka m'mbali yonse ya nyanja, ndipo sinachedwe kuwoloka kukafika ku Malindi.

Dilamu lachitatu Mayi Enid anadzaza okha, makiyi ali pakhosi, sitolo ili ndi loko watsopano. M'nyumba munali zii, wopanda woimba. Atamaliza anawerenga, ndipo mabotolo anali 184.

Koma munthu savomera msanga kuti walakwa. Anakwera minibasi mpaka kuboma ali ndi mkwiyo wa munthu amene akufuna wina woti amusenzetse mlandu. Kumene ankagula madilamu, woyang'anira sitolo anali Nuru, mayi wachiYao amene anadziwana naye kwa zaka zambiri.

“A Nuru, madilamu anu ndi operewera. Mumalemba malita 200 koma ine ndikupeza makilo 184.”

“Ndiye kuti ndi okwana bwinobwino, mama,” anayankha Nuru mosadabwa n'komwe.

Anatenga jagi ya lita, anaiika pasikelo n'kubweza pa ziro. Anathiramo madzi mpaka pamzere, ndipo sikelo inasonyeza magalamu 1000. Anataya madziwo, anapukuta jagi n'kuthiramo mafuta mpaka pamzere womwewo, sikelo n'kusonyeza 920.

“Lita ndi malo amene chinthu chadzaza, kilo ndi kulemera kwake,” anatero Nuru. “Zimafanana pa madzi basi. Mafuta ndi opepuka. Mukamatsuka chiwaya, suja amayandama pamwamba pa madzi? Ife timati malita kuchulukitsa ndi 0.92, mwapeza makilo. Chigubu cha malita 20 ndi makilo 18.4, dilamu la malita 200 ndi makilo 184, kupatula kulemera kwa dilamulo. Zimasinthako pang'ono malinga ndi mtundu wa mafuta komanso kutentha, koma pang'ono zedi.”

“Nanga ndikathira kilo yathunthu m'botolo?”

“Makilo mumagawa ndi 0.92. Kilo imodzi ndi lita ndi mamililita pafupifupi 87. Mwakhala mukutero? Ndiye kuti malita 16 pa dilamu mwagawira anthu ulele. Mulungu akudalitseni, koma bizinesi simutero.”

Nuru anaseka, koma anasiya ataona nkhope ya mnzake. Mayi Enid anakhala pansi pa thumba la mchere n'kuyamba kulira ngati pamaliro. Jagi imene anataya inali yolungama, ndipo iwo sanaberepo munthu. Mafuta amene ankawafunafuna anawathira okha ndi dzanja lawo, pang'onopang'ono, m'mabotolo a anthu amene anawaseka aja. Zoti mafuta amayandama ankaziona tsiku ndi tsiku kuyambira ali mtsikana.

Sanabwerere ku Nkope. Anagula chigubu cha mafuta cha malita 20 choti akapatse Tikhala, anawoloka mlatho wa Shire n'kukwera matola wa ku Malindi. Njira yonse ankadzilimbitsa mtima kuti chibale ndi fupa, sichiwola.

Anamupeza Tikhala kuseri kwa nyumba yakale ya makolo awo, akusenda chinangwa. Anali atawonda. Chiwaya chake chinali chovundikira pansi pa nkhokwe, chitachita dzimbiri. Anaimirira, anayala mkeka, anagwada patali n'kupereka moni ngati kwa mlendo wa kutchalitchi.

“Mwayenda bwanji, Mayi Enid?”

Moyo wake wonse Tikhala anali asanawatchulepo dzina. Mayi Enid anafotokoza zonse, za madzi ndi mafuta, za jagi, za 0.92, mawu akuphonyana. Anapepesa, ndipo analonjeza kuti akaimirira kutchalitchi ku Nkope n'kuuza anthu onse kuti mng'ono wawo sanabe kanthu. Tikhala anamvetsera mpaka kumapeto osawadula.

“Ndamva, ndipo ndathokoza kuti mwabwera,” anatero. “Masamuwo inenso sindinkawadziwa, moti pamenepo sindikukuimbani mlandu. Koma mafuta atasowa, munakaikira dilamu kamodzi, sikelo simunaikaikire n'komwe. Ine munandikaikira pamaso pa anthu. Munandibereka kumsana inu, achem...” Anaima, n'kuyang'ana mpeni umene unali m'manja mwake. “Mukanayenera kundidziwa kuposa sikelo.”

“Tiye kwathu, mwana wa mayi anga. Chipinda chako chilipo.”

“Kuno ndinayesa kukazinga mandasi. Wina anandifunsa ngati ndi mafuta a ku Nkope aja, anthu n'kuseka. Ndinasiya.”

Anawaphikira chinangwa ndi tiyi, anawafunsa za mwendo wawo umene unkawavuta, ndipo dzuwa lisanapendeke anawaperekeza kumsewu. Mayi Enid anali atasiya dala chigubu chija pakhonde, koma atacheuka anaona Tikhala atachisenza pamutu. Anachikweza yekha m'galimoto n'kuchiika pamapazi a mkulu wake.

“Tengani, chonde,” anatero motsitsa mawu. “Anthu angafunse kumene ndawatenga.”

Mayi Enid anaimiriradi kutchalitchi n'kunena zonse. Anthu anagwedeza mitu, ena anati n'zomvetsa chisoni, koma madzi akatayika saoleka. Lero anabwerera ku jagi, ndipo dilamu likutulutsanso mabotolo 200. Wogula akadandaula kuti lita yawo sikwana kilo, amamuyezera madzi ndi mafuta moleza mtima mpaka amvetse. Chipinda chogundana ndi sitolo amachisesa Loweruka lililonse. Chigubu chija chili momwemo pakona, sanachitsegule, ndipo sachigulitsa ngakhale mafuta asowe m'boma lonse.