Mthunzi wa Zilembo pa Pepala

Anthu ankangowatchula kuti Mayi Otayipa. Anali ndi kachipinda ka zenera limodzi pafupi ndi siteji ya basi, momwe ankatayipira anthu makalata ofunsira ntchito. Pulinta ankaisamalira ndi amuna awo, koma bambowo anapita kukagwira ntchito kutali, ndipo zaka zitatu zinadutsa asanabwereko. Ankaimba foni mwa apo ndi apo, mwachidule.

Zilembo zikayamba kutuwa, mayiwo ankadziwa kuti tona, ufa wakuda wosindikizira uja, yatsala pang'ono. Ankaitulutsa n'kuigwedeza cham'mbali monga anawaphunzitsira amuna awo, n'kugwirako masiku angapo.

Tsiku lina panabuka zachilendo. Mzere uliwonse unkaonekanso m'munsi mwake motuwa, ngati mthunzi. Anaika tona yatsopano, koma sizinasinthe. Mphunzitsi wina anabweza kalata yake akuseka. "Mayi, ntchito ndikufuna imodzi, osati ziwiri!"

Masana mayiwo anaimbira amuna awo n'kuwafotokozera vutolo.

"Tengani lula muyeze," anatero bambowo. "Mthunziwo ukutalikirana ndi mzere wake mofanana paliponse?"

"Mofanana ndithu."

"Ndiye ndi dilamu, chogudubuzika chodinda zilembo chija cha m'pulintamo. Yatha. Siikufufutika bwino, ndiye ikazungulira ikudindanso zomwe yadinda kale. Mugule ina."

Mayiwo anamva bwinobwino, koma anati, "Tabwerezani, bambo, sindinamvetse."

Anabwereza katatu, pang'onopang'ono, mayiwo atatsinzina. Atamaliza, palibe amene anafulumira kudula foni.

Dilamu anagula mawa lake, mapepala n'kumatuluka oyera. Madzulo anakhala pampando foni ili m'manja, akusakasaka china choti afunse.